Chala chaphimba chilembo pachikwangwani: kusintha mawu dzanja osaliononga

Kusintha mawu pachithunzi sikuvuta chikwangwani chikakhala pambalambanda. Mumafufuta akale, n'kulembapo atsopano, ntchito yatha. Koma zithunzi zambiri zotsatsira malonda kapena zoitanira anthu kumwambo zimakhala ndi munthu atanyamula chikwangwanicho, ndipo dzanja lake silisankha pogwira. Chala chachikulu chimatsamira pa chilembo chomaliza, nsonga za zala zina n'kupindikira kutsogolo, kuphimba mbali ya chilembo choyamba. Mukangolembapo mawu atsopano, zilembo zimakwera pamwamba pa chala, ndipo aliyense amadziwiratu kuti chithunzichi chakonzedwa pakompyuta.

Ambiri akafika apa amatola Eraser n'kuyamba kudya chilembo chatsopano pamene pali chala. Zimaoneka ngati zatheka mpaka mwini ntchito atanena kuti mawuwo asunthe pang'ono, kapena kuti tsiku lasinthanso. Malo odyedwa aja amasunthira limodzi ndi mawu, ndiye mumatsala ndi chilembo chong'ambika pakati pa chikwangwani pamene chala chaphimbidwanso. Njira yosakubwezani m'mbuyo ndi yoti chilembo musachidule n'komwe. Chilembeni chathunthu, ndipo dzanja mulichotse pachithunzi n'kulisanjika pamwamba pake. Mavuto ena onse amene ndifotokoze pano amachokera pamalire a dzanja losanjikidwalo ndi zimene zili pansi pake.

Titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Chithunzi ndi cha mapikiselo 3000 m'lifupi ndi 2000 m'litali. Mtsikana wanyamula chikwangwani choyera cholembedwa ndi utoto wofiira mizere iwiri, TITSEGULA pamwamba, LOWERUKA pansi. Eni sitolo asintha tsiku, akufuna pakhale LACHISANU. Chala chachikulu cha kumanja kwa chithunzi chaphimba mwendo wa A womaliza, ndipo dzuwa likuchokera kumanja, choncho mthunzi wa chalacho wagwera kumanzere, pa A yemweyo. Mayina a zida nditchula a mu Photoshop. Photopea, imene imatsekuka mu burawuza ndipo ndi yaulere, ili ndi mayina pafupifupi omwewo, ndipo pamene pulogalamu ina, GIMP, ikusiyana ndidzanena. Amene muli pa Mac, paliponse ndalemba Ctrl dinani Cmd.

Maleya, zigawo za chithunzi zosanjikizana ngati mapepala, adzasanjike chonchi, kuchokera pamwamba kutsika:

```
DZANJA
MTHUNZI
MAWU
BOLODI
Background
```

Yambani ndi dzanja, musanafufute chilichonse

Dinani Ctrl+J kawiri kuti mukhale ndi makope awiri a chithunzi. Lapamwamba mulitche DZANJA, lapansi BOLODI. Leya ya Background isiyeni momwemo, ndi mboni yanu yoti muzibwererako kukaona mmene zinthu zinalili.

Pa DZANJA, kulitsani chithunzi kufika 300% kapena 400%, mutenge Pen Tool muzungulire chala. Simukufunika kudula mkono wonse kapena munthu yense. Pofunika kusamala ndi pokhapo pamene khungu lakhudzana ndi nkhope ya chikwangwani. Mukadutsa m'mphepete mwa chikwangwani, mzere wanu ungathe kungozungulira patali mwachisawawa n'kudzatseka, chifukwa kumeneko pansi ndi pamwamba pali chithunzi chimodzimodzi. Mzerewo uziyenda m'kati mwa khungu ndi pikiselo imodzi, usamayende pamalire penipeni. Chifukwa chake tichipeza kutsogoloku. Mukatseka, dinani Ctrl+Enter kuti mzere usanduke malo osankhidwa, mupite ku Select > Modify > Feather muike 0.5 kapena 1, kenako mudine Add layer mask. Mu GIMP chida chake ndi Paths, ndiye mumapita ku Select > From Path, kenako Layer > Mask > Add Layer Mask n'kusankha Selection.

Masiki amaposa kudula chala n'kuchimata pa leya yakeyake chifukwa chithunzi chonse chimakhalabe chilipo, changobisika. Mukapeza kuti mwadya chikhadabo, mumangopaka zoyera pamasikipo, chikhadabo n'kubwerera. Zida zosankha mwachangu monga Quick Selection zimathandiza ngati dzanja lakuda lili pabolodi loyera loti mbee, koma pamene chala chagona pa chilembo chofiira zimasokonezeka, chifukwa khungu nalonso lili ndi kufiira kwake. Zimaluma chala kapena kutenga chidutswa cha chilembo, ndipo pomaliza mumakonzabe ndi manja. Pa chala chimodzi, Pen Tool ndiyo yachidule.

Chinthu china choti muchite zilembo zakale zisanachoke: pa leya yapadera jambulani mizere iwiri yowongoka, wina wotsata mitu ya zilembo za LOWERUKA, wina wotsata mapazi ake, ndi wachitatu wotsata thunthu la L. Mizere imeneyi ikusungirani kupendekeka kwa chikwangwani. Mukafufuta musanaijambule mudzayamba kulota.

Pofufuta mawu akale, pafupi ndi chala pakuda bii

Ili ndi dandaulo loyamba la pafupifupi aliyense. Healing Brush ndi Spot Healing Brush zimagwira ntchito posakaniza zimene mwapakazo ndi mitundu yozungulira malowo. Pakati pa bolodi zimachita bwino kwambiri. Zikayandikira chala zimayamwa mtundu wa khungu n'kuupaka pabolodi, ndiye pamatuluka chibanga chofiirira chotsata chala. Content-Aware Fill nayo nthawi zina imatola zidutswa za chala n'kukazidzala pamene panali chilembo, mpaka mtsikana kukhala ndi zikhadabo zoonjezera.

Mankhwala ake ndi kukumbukira kuti pa leya ya BOLODI chala sichikufunikanso, popeza chenicheni chili pamwamba. Zimitsani kaye DZANJA, mutenge Clone Stamp, mudine Alt pamalo oyera a bolodi, mupake molowerera m'chala mapikiselo 15 kapena 20, kapena muchifufutiretu chonse. Pansi pa chala pangaoneke ponyansa bwanji, palibe adzapaone. Khungu likatalikira, Healing Brush ilibenso chonyansa choyamwa, ndipo mutha kuigwiritsa ntchito posalaza. Mukayatsa DZANJA mudzapeza kuti bolodi loyera lalowa bwinobwino kunsi kwa chala, popanda kampata kalikonse.

Pa zilembo zimene zili patali ndi dzanja, zisankheni ndi Select > Color Range kapena Lasso, kenako mukulitse malo osankhidwawo ndi Select > Modify > Expand, mapikiselo 4 kapena 5. Musadumphe kukulitsaku. Chilembo chilichonse pachithunzi cha JPEG chimakhala ndi mkombero wa timadontho tosaoneka bwino, ndipo mukafufuta chofiira chokha, mzukwa wa LOWERUKA umatsalira pabolodi, woti munthu wa maso akuthwa atha kuuwerenga. Ngati mukugwiritsa ntchito Edit > Content-Aware Fill, pawindo lake pamaoneka mtundu wobiriwira wosonyeza kumene ikutola. Fufutani kubiriwirako padzanja, pamalaya ndi pa TITSEGULA, kutsale pabolodi poyera pokha. GIMP ilibe chida chimenechi mwa iyo yokha, anthu amachita kuonjezeramo Resynthesizer, koma pabolodi losalala Clone ndi Heal zimakwanira.

Bolodi loyera silikhala loyera mofanana ponseponse. Mbali yoyang'ana dzuwa imawala, inayo imaderako. Mukatola kumanja n'kukapaka kumanzere, mumasiya chigamba chimene pasikirini ya laputopu sichioneka koma papepala losindikizidwa chimatulukira. Muzitola pafupi ndi pamene mukupaka, ndipo muzisintha potola kawirikawiri. Kuti mudziwe ngati mwasiya zigamba, ikani leya ya Levels pamwamba pa zonse, mukokere kachizindikiro kakuda kumanja mpaka cha ku 200. Bolodi lidzada ndipo kusiyana kulikonse kudzaonekera poyera. Konzani Levels ili choyaka, mukamaliza muichotse.

Mawu atsopano sakugona pabolodi

Lembani LACHISANU yense, mpaka U amene gawo lake likalowe kunsi kwa chala. Mukadina Ctrl+T pa mawu amoyo, mupeza kuti Distort ndi Perspective sizikudinika. Dinani kumanja pa leyayo musankhe Convert to Smart Object, ndipo zidzatseguka, mawuwo n'kukhalabe otheka kusintha mukadina kawiri pa kachithunzi ka leyayo. Gwirani Ctrl, mukoke ngodya iliyonse payokha mpaka mitu ndi mapazi a zilembo zitatsata mizere ija munajambula. Mu GIMP ndi Perspective, Shift+P, koma kumeneko sungani kope la mawu osapendeketsa, chifukwa mukasintha chilembo pambuyo pake kupendekeka kumatayika.

Kungotembenuza mawu pang'ono sikukwanira. Munthu akanyamula chikwangwani, mbali imodzi imayandikira kamera kuposa inzake, choncho zilembo za mbali imeneyo zimatalikirapo. Mizere iwiri ija mukaiyang'anitsitsa mupeza kuti siikuyenda mofanana, ikupita ikuyandikirana. Ngati ndi katoni yopindika chifukwa chofinyidwa ndi zala, malizani ndi Edit > Transform > Warp, koma pang'ono pokha, motsata mmene m'mphepete mwa katoniyo mwapindikira.

Mukafuna kusintha nkhope yonse ya chikwangwani, ndi bwino kukonza chojambula chonse chokhala ndi ngodya zinayi n'kuzigwirizanitsa ndi ngodya za chikwangwanicho. Vuto limabwera ngodya ina ikabisika m'chikhatho. Musailote. Jambulani mzere wotsata m'mphepete mwapansi, muupitirize kudutsa padzanja, muteronso ndi m'mphepete mwa m'mbali. Pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene pali ngodya yobisikayo.

Pali nkhani ina imene ambiri amaiwala chifukwa iwo akudziwa kale zimene alemba. LOWERUKA ali ndi zilembo 8, LACHISANU ali ndi 9, ndiye mawu atsopano amafuna kulowa kwambiri kunsi kwa chala. Koma Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu onse amayamba mofanana, chosiyanitsa chili kumapeto, komweko kumene kuli chala. U akabisika mkono wake wa kumanja amasanduka L. Ndi mmenenso E wobisika phazi amasandukira F, R wobisika mwendo n'kukhala P. Pamitengo ndiye pamavuta zedi, chifukwa 8 wobisika kumanzere amawerengeka 3, ndipo ziro womaliza akabisika yense, wogula adzabwera ndi ndalama zosakwana n'kumaloza chithunzi chanu. Ine ndimalola chala kuphimba pangodya pa chilembo, osafika pa theka, ndipo ndimaonetsa munthu wosadziwa nkhaniyo kuti awerenge mokweza. Ngati malo achepa, fupikitsani mipata ya pakati pa zilembo, kapena muzichepetse zonse pang'ono. Kuzifinya m'mbali kumaondetsa mathunthu oimirira pamene mizere yopingasa ili yonenepabe, ndipo zimasiyana ndi mzere wapamwamba.

Mwina mungaganize zongothawitsa mawu kuti asakhudzane ndi chala n'komwe. N'zotheka, ndipo pantchito yachangu palibe cholakwika. Kungoti mawu amaoneka opanikizika mbali imodzi, komanso chala chophimba kachidutswa ka chilembo n'chimene chimapangitsa diso kukhulupirira kuti utotowo ulidi pabolodi.

Nanga ngati fonti yofanana siikupezeka, monga zimakhalira ndi zikwangwani zolembedwa pamanja ndi burashi? Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kufufuta mizere yonse iwiri n'kulemba zonse ndi fonti imodzi, kuti pasakhale choyerekezera. Yachiwiri ndi kubwereka zilembo pachithunzi chomwecho. Mu TITSEGULA muli kale L, A, I, S ndi U. C mungamupange kuchokera kwa G pochotsa kamzere kake kopingasa. H ndi ma I awiri olumikizidwa ndi denga la T. N ndiye wotopetsa, chifukwa mzere wake wopendekeka muyenera kuutenga kwa W wa mu LOWERUKA n'kuutembenuza. Njira imeneyi imabweretsa utoto weniweni ndi mikwingwirima ya burashi, zimene fonti singakupatseni. Koma A adzaoneka katatu, ndipo wolemba pamanja salemba A wofanana ndendende ngakhale kawiri, choncho aliyense mumupotoleko pang'ono ndi Warp.

Chala chikuoneka ngati chomata

Mwadula bwino, mawu agona bwino, koma chala chikuoneka choyandama. Kawirikawiri ndi mthunzi umene wasowa. Mthunzi wa chala unali pabolodi ndi pa A wakale, ndipo pofufuta A munaufufutira limodzi. Ena poona zimenezi amauphatikiza m'masiki a DZANJA kuti ubwerere, koma ukatero umabwera ndi chidutswa cha A wakale m'kati mwake, komanso umaphimba U watsopano ndi bolodi loyera. Mthunzi si mbali ya dzanja. Uli pabolodi, ndipo uyenera kudetsa bolodi ndi utoto womwe.

Kuti mumvetse mmene mungaubwezere, muyenera kudziwa zimene Multiply, njira ina yosakanizira leya ndi zimene zili pansi pake, imachita. Pikiselo iliyonse ili ndi nambala ya kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 mpaka 255. Multiply imachulukitsa nambala yapamwamba ndi yapansi n'kugawa ndi 255. Tinene kuti kufiira kwa utoto wanu ndi 200. Pamene bolodi likuwala pa 230, zotsatira zake ndi 180. Mumthunzi, pamene bolodi latsika kufika 120, zotsatira zake ndi 94. Ndiye kuti leya ya MAWU ikakhala pa Multiply, chilembo chimada chokha paliponse pamene bolodi lili lakuda, ndipo makwinya, fumbi ndi mthunzi wotsala zimaonekera m'kati mwa utoto. Chenjezo lake ndi lakuti mtundu umene mwatola ndi Eyedropper pa chilembo chakale ndi wodetsedwa kale ndi kuwala kwa pamalopo. Mukauika pa Multiply umadetsedwa kachiwiri. Uwalitseni pang'ono mpaka LACHISANU afanane ndi TITSEGULA mukaziyang'ana pamodzi.

Gawo la mthunzi limene linafufutika mulijambule pa leya ya MTHUNZI, imene ili pamwamba pa MAWU koma pansi pa DZANJA, nayonso pa Multiply. Mtundu wake muutole pa mthunzi weniweni umene watsala, kaya ndi wa chala china kapena wa dzanja linalo. Musagwiritse ntchito wakuda bii. Mthunzi wa panja padzuwa umakhala ndi kabuluu chifukwa umawalitsidwa ndi thambo, ndipo pafupi penipeni ndi chala umafiirirako chifukwa cha kuwala kobwerera kuchokera pakhungu. Gwirani Alt n'kudina kadiso ka Background kuti itsale yokha, muone maonekedwe ake akale, n'kudinanso chimodzimodzi kuti maleya ena abwerere. Pakani ndi burashi yofewa, Flow cha pa 10%, mobwerezabwereza. Pamene chala chakanikiza bolodi, mthunzi ndi wopyapyala, wakuda ndiponso wakuthwa. Pamene chala chanyamuka, umatambasuka n'kufewa. Kamzere kakuda kopyapyala ka pokhudzana paja, ka mapikiselo awiri kapena atatu, ndi kamene kamakhazika chala pabolodi, ndipo kakasowa, mthunzi waukulu ngakhale ukongole bwanji chala chimayandamabe. Popeza DZANJA ili pamwamba, pakani molowerera kunsi kwa chala mosaopa. Ngati mbali ina ya mthunzi weniweni idakalipo pa BOLODI, samalani polumikizira kuti pasade kawiri.

Zilembo zoyera pabolodi lakuda ndi nkhani ina. Pa Multiply zoyera zimasowa, choncho zisiyeni pa Normal. Zikatero sizitenga mthunzi uliwonse kuchokera pansi, ndiye mthunzi wonse wogwera pazilembo uyenera kuchokera pa leya ya MTHUNZI.

Kamzere kofiira kapena koyera m'mphepete mwa chala

Apa ndi pamene pagona luso, ndipo ndi chifukwa chake ndinati mzere uyende m'kati mwa khungu. Kamera sijambula malire akuthwa. Mapikiselo awiri kapena atatu a m'mphepete mwa chala ndi osakanikirana, theka khungu, theka chimene chinali kumbuyo. Pamene chala chinagona pa A, mapikiselo amenewo ndi ofiira. Pamene chinagona pabolodi, ndi oyererako. Tsopano U watsopano sanagwere ndendende pamene panali A. Ndiye pamene kale panali A koma pano pali bolodi loyera, chala chili ndi kamzere kofiira. Pamene kale panali poyera koma pano pali U, chala chili ndi kamzere koyera kowala pakati pa khungu ndi utoto. Mukaona timizere tiwiri timeneti, vuto ndi masiki, musavutike ndi mawu.

Dinani pa masiki a DZANJA, muzungulire ndi Lasso malo okhawo amene ali ndi vuto, mupite ku Filter > Other > Minimum muike 0.5 kapena 1. Minimum imakulitsa mbali yakuda ya masiki, kutanthauza kuti chala chimaonda ndi pikiselo imodzi n'kutaya mapikiselo osakanikirana aja. Mu GIMP zofanana nazo ndi kusandutsa masiki kukhala malo osankhidwa, kuwachepetsa ndi Select > Shrink, n'kupanganso masikiwo. Musapitirire mapikiselo awiri, chala chingaoneke chosongoka ndipo chikhadabo chingathe.

Nthawi zina kufiirako kumalowa m'kati ndithu, chifukwa utoto wowala padzuwa umabwezera kuwala kwake pakhungu. Kudula sikungathetse zimenezi. Pangani leya yatsopano pamwamba pa DZANJA, mudine Ctrl+Alt+G kuti zimene mupake zisatuluke kunja kwa chala, muiike pa Color, mutole mtundu wa khungu chapakati pa chala n'kupaka m'mphepetemo. Color imasintha mtundu wokha, mizere ya pakhungu ndi kuwala kwake zimatsala. Pa kamzere koyera Color siithandiza, popeza vuto ndi kuwala. Pamenepo leyayo ikhale pa Darken kapena Normal, burashi ikhale yaing'ono.

Kufewa kwa malire nakonso kuyenera kufanana ndi kwa chithunzi. Yang'anani mbali ya chala imene simunaikhudze muwerenge kuti khungu likusanduka bolodi pa mapikiselo angati. Ngati ndi atatu pamene malire anu akudula pa pikiselo imodzi, chala chidzaoneka chodulidwa ndi sizasi. Pa Properties ya masiki pali Feather, ikwezeni pang'onopang'ono mpaka mbali ziwirizo zifanane. Dzanja likakhala kuti linagwedezeka pojambula, mbali imodzi imakhala yachimbuuzi kwambiri kuposa inzake, ndiye mbali imeneyo muifewetse payokha ndi burashi yofewa pamasiki.

Zilembo zatsopano zaukhondo kuposa chithunzi

Fonti imatuluka m'kompyuta ili yakuthwa ndi yosalala, pamene china chilichonse pachithunzi chinadutsa m'galasi la kamera. Kulitsani pamene TITSEGULA ndi LACHISANU akuonekera pamodzi. Ikani Gaussian Blur pa MAWU, kuyambira 0.6, mukweze mpaka m'mphepete mwa zilembo mufanane. Pachithunzi cha kukula ngati chathuchi nthawi zambiri zimakwanira pakati pa 0.8 ndi 1.5. Kenako Filter > Noise > Add Noise, Gaussian, Monochromatic, 1% mpaka 3% malinga ndi kuchuluka kwa timadontho ta m'chithunzi. Mu GIMP ndi HSV Noise. Ndondomeko yake ndi imeneyo, kufewetsa kaye, timadontho pambuyo, chifukwa mukasemphanitsa, kufewetsako kumafafaniza timadonthoto. Onaninso BOLODI. Malo amene munapaka kwambiri ndi burashi yofewa amasalala kuposa ozungulira, ndipo nawonso amafuna timadontho pang'ono.

Chophimba chikakhala tsitsi, waya wa mpanda kapena botolo loonekera, Pen Tool singakwanitse. Pa tsitsi lakuda kapena waya wakuda pabolodi loyera, njira yachidule ndi Multiply yomwe ija: chinthu chakuda chimakhalabe chakuda ngakhale mawu ali pamwamba pake, ndiye diso limaona ngati chili kutsogolo. Chovuta ndi kufufuta mawu akale pakati pa timabowo ta waya, ndipo palibe chidule, ndi bowo limodzilimodzi.

Pali zithunzi zina zosayenera kuzitayira nthawi. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp kangapo chimakhala chochepetsedwa ndi chofinyidwa, ndipo JPEG imasunga chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 mbali zonse. Pamalire a chala ndi chilembo chofiira timabokosi timeneti timasakaniza mitundu, moti malire enieni a chala kulibenso. Pemphani mwini wake atumize fayilo yoyamba ngati Document. Ngati palibe, ndipo wonyamula chikwangwaniyo ali pafupi, kujambulanso n'kotchipa kuposa kukonza. Pojambulanso, anyamule bolodi losalemba kanthu, zala zigwire m'mphepete, kuti tsiku likadzasinthanso pasadzakhale chofufuta.

Pali ntchito imodzi imene ine sindilandira: kusintha mawu pachikwangwani cha munthu amene ali pazionetsero kapena pamsonkhano, ngakhale wopempha anene kuti ndi nthabwala chabe. Mawu ali m'manja mwa munthu amatengedwa kuti ndi ake, ndipo chithunzi chikangolowa m'magulu a pafoni sichibwezeka. Ngakhale pa zamalonda, wonyamula chikwangwaniyo adziwe zimene mwamunyamulitsa.

Musanatumize, chepetsani chithunzi chifike kukula kwa sikirini ya foni muone ngati LACHISANU akuwerengeka, kenako mukulitse pachala pa 200% mugwire Alt n'kudina kadiso ka Background kangapo, muyerekeze chakale ndi chatsopano. Chala chisasunthe, chisaonde moonekera, ndipo mthunzi ugwere mbali imodzi ndi wa dzanja linalo. Sungani fayilo ya PSD, kapena XCF mu GIMP, yokhala ndi maleya onse, JPEG ikhale yotumiza yokha. Eni sitolo akadzaimbanso kuti tsiku lapita Lolemba, mudzangotsegula MAWU n'kusintha, kenako n'kuonanso timizere ta m'mphepete mwa chala, chifukwa A wa LOLEMBA adzagwera pena, ndipo kamzere koyera kangatulukire pamalo pamene U sanafikepo.